Kodi ndichotse maloto a mayi wamasiye m'nkhani yanga yaifupi?

"Ndine mphunzitsi wa Chichewa kusekondale ina m'boma la Dowa, ndipo ndalemba nkhani yaifupi ya mayi wamasiye dzina lake Naphiri, yemwe mwamuna wake wamwalira n'kumusiyira golosale pa Mponela. Golosaleyo yakhala yotseka chichitikire maliro, ndipo mlamu wake akufuna kuitenga kuti aziyendetsa yekha. Usiku wina Naphiri akulota mpando wa malemu mwamuna wake uli wopanda munthu, kenako akumva mawu a malemuwo akuti, 'Tsegula sitolo, usaope.' Kutacha akukatsegula, nkhani n'kuthera pomwepo. Anzanga awiri amene ndinawapatsa kuti awerenge anena kuti mathero ake ndi ophweka kwambiri, ndipo mmodzi wanenetsa kuti kulowetsa maloto m'nkhani ndi njira yaulesi yothawira vuto. Kodi ndichotse malotowo? Ngati ayi, ndiwakonze bwanji kuti owerenga akhulupirire chimene Naphiri wasankha?"

Aphunzitsi, malotowo musawachotse, chifukwa ndi mbali imene nkhani yanu ili ndi mphamvu koposa, ndipo anzanu aja, ngakhale amva bwino kuti pena pake pakutsimphina, aloza malo olakwika. Pa zaka zimene ndakhala ndikuwerenga ndi kukonza nkhani zazifupi za alembi ongoyamba kumene, ndaona maloto ambiri, ndipo pafupifupi onse amabweretsa malemu ali chilili atavala zoyera, akupereka malangizo ngati mlaliki. Inu mwaganiza za mpando wopanda munthu, ndipo ganizo limeneli ndi losowa. Chimene chafooketsa nkhaniyi ndi mawu aja akuti "Tsegula sitolo, usaope," pamodzi ndi kuchepa kwa zimene wowerenga wauzidwa zokhudza golosaleyo malotowo asanafike.

Tiyambe ndi mawuwo. Nkhani yanu yonse yaima pa funso limodzi, lakuti kodi Naphiri achita chiyani ndi golosale tsopano pamene munthu amene ankagamula zinthu palibe. Wowerenga akamatsatira ndime iliyonse amakhala akudikira kuona mayiyu akusankha yekha. Malemu akangolankhula, kusankhako kwachoka m'manja mwake, ndipo Naphiri wangosiya kumvera mlamu wake n'kuyamba kumvera mwamuna wake wakufa, zomwe zikutanthauza kuti pa tsamba lomaliza iye adakali munthu yemwe uja wa pa tsamba loyamba. Pali chinanso chimene ife eni chikhalidwe timachidziwa mumtima ngakhale sitichitchula: kwathu kuno womwalira akalankhula m'maloto sipakhala kutsutsana naye. Anthu amaphika thobwa, amalambula kumanda, amafulumiza chiliza, chifukwa choti agogo adandaula kutulo. Choncho wowerenga wa kuno akangomva liwu la malemu amadziwiratu kuti nkhani yatha, ndipo ndime zonse zotsatira amangoziwerenga mwaulemu. Mukachotsa liwulo, mpando uja utsala uli chete, ndipo kukhala chete kwakeko n'kumene kudzamukakamize Naphiri kuti adziyankhe yekha.

Komatu mpando wosalankhula ungathandize munthu kusankha pokhapokha ngati zimene akufunika kudziwa zili kale m'nkhanimo, zoonekera masana dzuwa likuswa mtengo. Maloto abwino m'nkhani sabweretsa uthenga watsopano. Amatenga zinthu zimene mpangankhani wakhala akuziona tsiku ndi tsiku koma osazilabadira, n'kuziika pamodzi mwa njira yoti sangathenso kuzinyalanyaza. N'chifukwa chake ntchito yanu yaikulu ili m'masamba amene akubwera maloto asanafike, ndipo yoyamba mwa ntchitozo ndi kuipatsa golosale ija thupi.

Ndikukupemphani kuti mutenge pepala lapadera, limene silidzalowa m'nkhani, mulembepo chuma cha golosaleyo monga momwe mwini sitolo angachiwerengere. Tiyerekeze kuti katundu amene ali m'mashelefu, pa mtengo woodera, ndi wa K900,000. Kuhoselo ku Lilongwe, kumene malemu ankapikula shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira, kuli ngongole ya K350,000. Lendi ndi K60,000 pamwezi, ndipo papita miyezi iwiri osalipira, zomwe zikupanga K120,000. Mukachotsera ngongole ziwirizi pa katundu uja mutsala ndi K430,000. M'buku la ngongole muli mayina a anthu amene anatenga katundu wokwana K180,000, koma aliyense amene anagulitsapo m'golosale adzakuuzani kuti ndalama za m'buku loterolo sizibwera zonse, makamaka mwini wake akamwalira, chifukwa ena amaona ngati ngongole yawo yakwiriridwa limodzi ndi iye. Onjezanipo chinthu chimene chimachitika pamaliro ambiri a eni masitolo, kuti shuga, masamba a tiyi, mchere ndi makandulo zogwiritsa ntchito pasiwa zimatengedwa m'sitolo momwemo popanda wolemba. Mukatero muona kuti Naphiri sakusankha pakati pa chuma ndi umphawi, chifukwa golosaleyo ndi yodwala, ndipo ingathe kuchira kapena kumumiza m'ngongole.

Ziwerengero zonsezi musazikhuthulire m'nkhani. Ziwiri kapena zitatu n'zokwanira, ndipo zituluke pakamwa pa munthu amene zikumukhudza, monga mwini nyumba akubwera kudzapepesa maliro kenako n'kutchula mwamanyazi za miyezi iwiri ija. Kumbukiraninso kuti mitengo kuno imasintha msanga. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'magolosale inasintha m'masabata ochepa, ndipo nkhani imene inatchula mtengo wa paketi ya shuga chaka chimenecho lero ikumveka yakalekale. Njira yotetezeka ndi kuyerekeza ndalama ndi chinthu chimene wowerenga wa nthawi iliyonse angachimve, monga kunena kuti zimene zatsala zingolipira fizi ya mwana kwa matemu awiri basi. Ganiziraninso mwezi umene nkhaniyi ikuchitika. Pa Mponela, m'dera la alimi a fodya, Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene anthu ambiri amatenga zinthu pangongole, ndipo ndalama zimayamba kuoneka misika ya fodya ikatsegulidwa cha mu Epulo. Mukaika nkhaniyi mu Febuluwale, kutsegula sitolo kukhala koopsa ndithu, pomwe chiyembekezo cha miyezi ikubwerayo chikhala chomveka.

Za mlamu uja ndikufuna ndichedwepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene nkhani zambiri za amayi amasiye zimagwera. Ife tonse tinamvapo za abale a mwamuna amene amasesa katundu yense thupi lisanazizire, ndipo mlembi amakopeka kuti ajambule munthu woteroyo, wamaso ofiira ndi wamwano. Vuto lake n'lakuti mlamu akakhala woipa poyera, palibe chimene Naphiri akuvutika nacho posankha, ndipo maloto sakufunikanso, popeza aliyense angakane munthu wankhanza. Mpatseni mlamuyo mfundo zomveka. Mwina ndi iye amene anabwereka mkulu wake ndalama zoyambira bizinesiyo atagulitsa fodya zaka zapitazo. Mwina ndi iye amene anagula bokosi ndi kulipira galimoto yonyamula thupi. Abwere mwaulemu pamodzi ndi ankhoswe, akhale pamphasa, anene kuti, "Alamu, ife sitikufuna kuti muvutike. Ngongole zonse ndibweza ndine, ndipo mwezi uliwonse ndizikupatsani K40,000 yothandizira ana." Mawu amenewa angakhale ochokera pansi pa mtima, ndipo angakhalenso njira yofewa yolandira sitolo, ndipo wowerenga asathe kudziwa msanga kuti zoona ndi ziti. Naphiri nayenso asadziwe.

Pamenepa pakufunika kuti mudziwe bwino mwambo ndi lamulo, ngakhale simudzazifotokoza m'nkhani. Pakati pa Achewa ana amawerengedwa kumbumba ya mayi wawo, ndipo kale chuma cha mwamuna chinkayang'aniridwa ndi abale ake a mbali ya mayi ake, kotero mlamu amene akuona kuti ali ndi gawo pa golosale ya mkulu wake sakungopeka, akuyankhula zimene anakulira. Palinso mwambo wa kusudzula, umene abale a malemu amamasula nawo mkazi wamasiye, ndipo mkazi amene sanasudzulidwe amadzimva kuti adakali m'manja mwa akuchimuna, zomwe zimachititsa kuti kukana pempho lawo kukhale kolemera. Mbali inayi kuli lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, limene limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana pamene munthu wamwalira osasiya wilo, ndipo limanena kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Naphiri angathe kukhala kuti anamvapo za lamuloli pawailesi kapena kubungwe la amayi kutchalitchi. Koma chonde musamusandutse loya, ndipo musabweretse mkulu wa boma pa tsamba lomaliza kuti adzathetse mkangano, chifukwa kutero n'chimodzimodzi ndi liwu la malemu lija, kungoti labwera litavala taye. Lamulo lingamuuze Naphiri kuti golosale ndi yake ndi ana ake, koma silingamuuze ngati angathe kuiyendetsa, ndipo funso lachiwirili ndilo nkhani yanu.

Tsopano tibwere ku mpando. Wowerenga ayenera kuuona mpandowu ali maso kawiri kapena katatu usanaonekere m'maloto, ndipo nthawi iliyonse uoneke ukuchita kanthu m'nkhani. Koyamba ungaoneke Naphiri akusesa pakhonde n'kuuzungulira osausuntha. Kachiwiri mlamu uja angabwere n'kuugwira pofuna kukhalapo, mwana wamng'ono n'kunena kuti ndi wa adadi, anthu onse n'kukhala chete kwa kanthawi. Musafotokoze kuti mpandowu ukuimira ulamuliro kapena chikondi. Ana anu a sukulu adzapeza okha chiphiphiritso chake, ndipo adzasangalala kwambiri akachipeza okha.

Funso limene muyenera kuliyankha musanalembenso ndime iliyonse ndi lakuti mpandowu unkakhala pati, chifukwa malo ake ndi amene akupereka tanthauzo la maloto. Ngati unali mpando wautali wa kuseri kwa kauntala, pafupi ndi kabati ya ndalama, ndiye kuti malemu ndi amene ankagulitsa, ndipo mpando wopanda munthu ukufunsa kuti akhalepo ndani. Nkhani yotere ndi ya mayi amene akulowa ntchito imene sakuidziwa, ndipo kulimba mtima kwake kuyenera kukhala ndi mantha ambiri mkati. Ndi njira yabwino ndithu, koma owerenga ambiri adzaiona ikubwera patali.

Njira imene ine ndingasankhe ndi iyi. Mpandowo ukhale wandalema, wokhala pakhonde la golosale, pamene malemu ankakhala masana onse akusewera bawo, akupatsana moni ndi odutsa, akukambirana za mitengo ya fodya ndi mpira. Anthu onse ankati ndi golosale ya a Banda, dzina lolembedwa pakhoma ndi lawo, ndipo iwo ndi amene ankakwera minibasi kukapikula katundu ku Lilongwe. Koma amene ankaima kuseri kwa kauntala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuyeza mafuta m'timabotolo, kupereka chenji, kudziwa woyenera kumukongoza ndi woyenera kumukaniza, anali Naphiri, ndipo iye ankangoti akuthandiza bambo a kunyumba. Mfundo imeneyi muibise poyera. Pamene mlamu akutsegula buku la ngongole kuti aone zimene anthu anatenga, mutchule mongodutsa kuti masamba oyambirira okha ndi amene ali ndi zolemba za malemu, ndipo ena onse ali ndi zilembo zing'onozing'ono zopendekeka za Naphiri. Pamene mlamuyo akulephera kuzindikira munthu wolembedwa kuti "amake mapasa," Naphiri ayankhe osayang'ana n'komwe m'bukumo, atchule ndi ndalama zake zomwe. Iye asaone chachilendo pa zimenezi, koma wowerenga wochenjera ayambe kuona.

Mukakonza chonchi, maloto aja afupika okha, ndipo ayenera kufupika. M'nkhani ya mawu pafupifupi 2,000, maloto asapitirire ndime imodzi kapena ziwiri. Alembeni m'chiyankhulo chomwecho chimene mwalembera zochitika za masana, popanda nkhungu, kuwala kodabwitsa kapena nyimbo za angelo, ndipo mulole chinthu chimodzi chokha kuti chikhale chosayenda bwino monga zimakhalira kutulo. Mwachitsanzo, mungalembe motere:

"Golosale inali yotsegula ndipo anthu anali atadzaza mpaka pakhomo. Naphiri ankayeza mafuta, kukulunga sopo, kuwerenga chenji, manja ake akuyenda okha. Mayi wina anafunsa mtengo wa shuga. Naphiri anatembenukira pazenera kuti afunse bambo a Chikondi monga ankachitira nthawi zonse, koma pampando wandalema panalibe munthu, ngakhale nkhomo za bawo zinkamveka zikugwa m'maenje. Atabwezera maso kwa mayi uja anapeza kuti wamuuza kale mtengo, ndalama walandira kale, ndipo wina wafika pakauntala. Anatembenukanso kachiwiri. Mpando unali chomwecho, ndipo mzere wa anthu unkayendabe."

Onani kuti m'ndime imeneyi palibe amene walamula kanthu, ndipo chilichonse chimene chilimo wowerenga anachiona kale masana, kupatula kulira kwa nkhomo popanda wosewera. Chisoni cha Naphiri chilimo, chifukwa akutembenuka kawiri kufunafuna mwamuna wake, koma mulinso choonadi chimene wakhala asakuchivomereza, chakuti kufunsa kuja kunali ulemu chabe, mtengo ankaudziwa kale. Malotowa sakunyoza malemu. Akusiyanitsa zinthu ziwiri zimene chisoni chinaziphatikiza, kusowa munthu amene ankamukonda ndi kuopa kuti ntchito siingayende popanda iye.

Ngozi yaikulu imene yatsala ili pa kudzuka. Alembi ambiri akafika apa amalemba kuti, "Pamenepo Naphiri anazindikira kuti," kenako n'kumasulira maloto onse m'ndime yathunthu. Mukatero mwabweza liwu la malemu lija kudzera pakamwa pa wofotokoza nkhani. Ngati mukufuna kuti malotowo amasuliridwe, aperekeni kwa anthu amene adzawamasulire mosiyana, monga zimachitikira m'midzi mwathu munthu akafotokoza zimene walota. Apongozi ake aakazi anganene kuti mwana wawo akudandaula kuti malo ake ali pululu, choncho mng'ono wake akhalepo msanga. Mnzake wa kutchalitchi anganene kuti ndi maganizo chabe a munthu wolira, apemphere n'kuiwala. Onse awiri akulankhula mwachikondi, ndipo Naphiri angawamvetsere mwaulemu osayankha. Kusiyana kumeneku kumateteza nkhani yanu ku mbali ziwiri, chifukwa owerenga amene amakhulupirira kuti mizimu imayendera amoyo kutulo sadzamva kuti mwawanyoza, ndipo amene sakhulupirira zimenezo sadzamva kuti mwawakakamiza. Mlembi safunika kugamula kuti maloto achokera kuti.

Pampondachimera pakhale pa zimene Naphiri akuchita ndi manja ake ndi pakamwa pake, ndipo zikhale ndi mtengo wake. Kungotsegula loko n'kochepa, popeza kumbuyo kwa kauntala n'kumene wakhala ali zaka zonsezi. Chimene sanachitepo ndi mbali ija ya ntchito imene inali ya malemu yekha, kupita kuhoselo ndi kulankhula ndi anthu akuluakulu m'dzina la sitolo. Choncho ndime yamphamvu ingakhale pamene akuyankha mlamu wake pamaso pa ankhoswe, atagwada monga mwa mwambo, ndi mawu ochepa: "Alamu, ndathokoza chifukwa cha zonse munatichitira pamaliro. Ndalama zimene munabwereka achimwene anu ndibweza pang'onopang'ono. Koma makiyi ndisunga." Kapena ingakhale pamene waima pakhomo la hoselo ku Lilongwe, atavala zakuda, buku lili m'manja, akupempha kuti ngongole ya K350,000 ija aibweze m'magawo. Muonetsenso chimene wataya. Mwina apongozi sadzabweranso kudzacheza, mwina mlamu adzatenga njinga imene ankanyamulira katundu ponena kuti inali yake. Wowerenga amakhulupirira chisankho akaona kuti munthu walipira kanthu, ndipo simufunika kutiuza ngati golosaleyo inadzapita patsogolo.

Ndikufuna muganizirenso mathero ena musanatsimikize, ngakhale mutadzawakana. Malotowa angathenso kumuthandiza Naphiri kugulitsa golosale. Tiyerekeze kuti iye sankaikonda ntchitoyo, ankaigwira chifukwa cha mwamuna wake, ndipo mtima wake unali pa kusoka kapena pa munda wa kwawo. Kwa mayi woteroyo, kuona mpando wopanda munthu pamene mzere wa ogula sukutha kungakhale koopsa, chifukwa kukumuonetsa zaka zambiri zikubwerazo ataima pamalo amodzi popanda chifukwa chimene chinkamuimika pamenepo. Angasankhe kugulitsa katundu pa mtengo wake weniweni, kubweza ngongole, n'kutenga K430,000 ija kukayambira zake. Chimenechinso ndi chisankho cha munthu womasuka, malinga ngati wagulitsa mwa kufuna kwake ndiponso pa mtengo umene wautchula yekha. Ndikunena izi chifukwa nthawi zina timaganiza kuti mkazi wamasiye wolimba ndi yekhayo amene wakakamira bizinesi, pomwe kulimba kuli pa kudziwa chimene ukufuna. Mukalemba mathero onse awiri papepala, amene akugwirizana ndi Naphiri amene mwamuumba adzaoneka okha, ndipo ngati onse awiri akukwanira mofanana, ndiye kuti simunamudziwe bwino mpangankhani wanu.

Pali njira yosavuta yoyesera ngati mwakonza bwino. Mukamaliza kulembanso, phimbani ndime ya maloto ndi pepala, mupatse munthu amene sanaiwerengepo nkhaniyi, ndipo mumufunse ngati chisankho cha Naphiri chikumveka. Akanena kuti sakumvetsa chifukwa chimene mayiyu wasinthira maganizo, ndiye kuti malotowo asenza katundu yense okha ndipo masamba a masana akadali opepuka. Akanena kuti zonse zikumveka ndipo palibe chikusowa, ndiye kuti malotowo ndi chokongoletsa chabe, ndipo mwina mwaulula msanga zimene anayenera kuonetsa. Yankho limene mukufuna ndi la pakati, lakuti chisankhocho n'chomveka koma chabwera modzidzimutsa, ngati pali sitepe imodzi yodumphidwa. Sitepe imeneyo ndiyo malo a maloto. Yang'ananinso kutalika kwa zigawo, chifukwa nkhani zambiri zotere zimathera theka la masamba pa matenda ndi maliro. Yambani maliro atapita kale, anthu atameta, alendo atabalalika, tsiku limene mlamu akutumiza uthenga woti abwera kudzakambirana za sitolo.

Pa funso lakuti afotokoze nkhaniyi ndani, ine ndingakulangizeni kuti mukhalebe ndi wofotokoza wapadera amene akuona zinthu kudzera m'maso a Naphiri yekha. Naphiri akamafotokoza yekha kuti "ine," zidzakuvutani kubisa mfundo ija ya buku la ngongole, chifukwa munthu amene akusimba mbiri yake atadutsamo kale amadziwa tanthauzo la zonse, ndipo wowerenga adzamva kuti akumubisira dala. Samalaninso ndi mmene anthu akuitanirana. Naphiri sangatchule mwamuna wake dzina loyamba, ngakhale mumtima kapena kutulo, adzati bambo a Chikondi kapena abambo a kunyumba, ndipo mlamu adzamutchula kuti alamu kapena amake Chikondi. Zinthu zazing'ono zoterezi zikalakwika, wowerenga wa pa Mponela amasiya kukhulupirira nkhani yonse.

Pali mbali zina zimene simuyenera kudalira mutu wanu wokha. Pezani mayi amene amayendetsa golosale, mukhale naye tsiku limodzi, muone mmene amalembera ngongole, katundu amene amatha msanga ndi amene amakhalitsa, ndiponso mumufunse chimene chimamusowetsa tulo. Za kumeta, kusudzula ndi nthawi yovula zakuda funsani agogo kapena ankhoswe a m'dera lenilenilo, popeza miyambo imeneyi imasiyana malinga ndi mudzi, mtundu ndi mpingo, ndipo zimene zimachitika ku Dowa sizingafanane ndendende ndi za ku Mzimba, kumene ukwati wa lobola umaika mkazi ndi ana kuchimuna. Mukafuna kutchula ndondomeko ya boma pa chuma cha masiye, monga kalata zimene zimafunika kuti munthu atenge ndalama za malemu kubanki, funsani ku ofesi ya bwanamkubwa kapena kwa odziwa malamulo musanalembe, chifukwa pali owerenga amene angatenge zimene mwalemba ngati malangizo enieni. Nkhani ikatha, ionetseni kwa alembi anzanu, monga a m'bungwe la alembi la MAWU, ndipo musanaitumize kunyuzipepala funsani mkonzi wa tsamba la Chichewa kuchuluka kwa mawu amene amalandira, kuti kudula kukhale kwa inu mwini.

Ngati nkhaniyi yachokera pa zimene zinachitikira mayi anu, azakhali kapena mnansi, sinthani malo, malonda ndi chiwerengero cha ana kufikira munthu wa m'deralo asathe kuloza nyumba yake, chifukwa mlamu weniweni amene angadzizindikire m'nyuzipepala angautse mkangano umene mwini wake anauthetsa movutikira. Ndi bwinonso kumuuza mayiyo ndi kumva maganizo ake nkhani isanasindikizidwe. Ndipo ngati malotowa ndi anu, kapena a munthu amene muli naye pafupi, ndipo akubwera usiku uliwonse mpaka kulepheretsa kugona, kudya kapena kugwira ntchito patapita miyezi yambiri, kulemba kokha sikukwanira. Munthu woteroyo alankhule ndi abusa, ansembe kapena shehe amene amamukhulupirira, ndipo apitenso kuchipatala cha boma lake kukaonana ndi ogwira ntchito za umoyo wa maganizo.